Fulashi inandigwira masana koma ndinalira 1 koloko usiku

Ine tsiku limene ndinapsa maso sindinagwire ngakhale rodi imodzi, ndiyambire pamenepo chifukwa anthu ambiri amaganiza kuti fulashi, kupsa maso ndi kuwala kwa moto wowotcherera zitsulo, imagwira owotcherera okha. Nthawi imeneyo ndinali wongothandizira pa shedi ina ku Mchesi, ntchito yanga inali kudula ma tyubu, kugalainda, kupenta ndi kugwirizira zitsulo amasitala akamadontheza. Helimeti pa shedipo inalipo imodzi yokha, ya m'manja ija yogwira ngati chikupizo, ndiye mwini wake anali amasitala basi, enafe chitetezo chathu chinali mawu oti "tsinzina!"

Linali Lachisanu, magetsi anazima kuyambira m'mawa n'kudzayaka cha m'ma 2 koloko masana, ndipo tinali ndi geti yoti mwini wake adzatenge Loweruka m'mamawa kuphatikizapo ma bagalabaa a mawindo anayi. Amene munagwirapo ntchito ya bagalabaa mukudziwa kuti ndi timadontho tokhatokha, kachitsulo kalikonse kamafuna munthu agwire, wina ayike sikweya, adontheze uku, adontheze uko, kenako china. Ineyo nkhope inali pafupi ndi moto mwina masentimita 50 kapena kuchepera, amasitala akati tsinzina ndimatsinzina koma pothamanga chonchija nthawi zina rodi imayaka mawu asanatuluke, nthawi zina rodi yakakamira ndiye iwe watsegula maso kuti uwone chavuta n'chiyani pompo yayaka phaa. Kumbali kwanga mnzathu wina amawotcherera fulemu ya geti ndi makina achiwiri, iyeyo samachenjeza munthu, ndipo kuseri kwathu tinayimika malata atsopano onyezimira aja. Sindinawerenge koma pofika 6 koloko ndinali nditawona moto ndi maso osaphimba kambirimbiri, ulendo uliwonse kwa kanthawi kochepa kwambiri.

Chimene chimapusitsa n'chakuti sindinamve chilichonse. Moto ukayaka umangothobwa m'maso, kuwona kachinthu kobiriwira kakuyandama kwa mphindi imodzi kaya ziwiri kenako kwatha, ndiye umati ndapulumuka. Ndinaweruka bwinobwino, ndinakwera minibasi, kunyumba ndinasamba ndinadya nsima ya usipa, mpaka ndinacheza ndi aneba pakhonde. Chokhacho chimene ndinachizindikira nkhope imamveka kuthina ngati ndakhalitsa padzuwa, komanso babu ya pabalaza imawoneka yowala mopitirira, koma ndinangoti ndi kutopa. 9 koloko ndinagona.

Cha m'ma 1 koloko ndinadzidzimuka ngati munthu wandithira mchenga wotentha m'maso onse awiri. Abale ululu umenewuja sindikudziwa ndiufanizire ndi chani, ukatsegula maso zikubaya, ukatseka zikubayabe, diso likangoyenda pang'ono mkati mwa chikope ngati likukhuzidwa ndi sandipepa, misozi ikungotsika yokha mpaka pilo kunyowa, mamina nawonso osati masewera. Zikope zinakana kutseguka, ndimayesa kuzikanula ndi zala zikumangika zokha. Mayi a kunyumba anayatsa tochi ya foni kuti awone ndinakuwa ngati andibaya ndi singano.

"Kodi bambo mwatani, mwagwira tsabola kapena?"

"Mayi zimitsani kaye chimenecho, zimitsani!"

Ndiye poti palibe chimene chinachitika usikuwo, maganizo anayamba kupita kwina, mayi akuti mwina ndi sopo watsopano uja, ine ndikuganiza nthenda ya maso ija imagwira mudzi wonse, aneba amene anadzuka ndi phokosolo anafika mpaka potchula za anthu oipa mtima kuntchito. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anaganiza za bagalabaa wa masana, pajatu panali patadutsa maola 7 chiwerukireni.

Kuchedwa kumeneku kuli ndi chifukwa chake ndipo ndinadzachimvetsa pambuyo pake. Moto wa kuwotcherera kwa magetsi umatulutsa kuwala kumene timakuwona, komanso cheza china chosawoneka chotchedwa UV, chofanana ndi chimene chimawaula khungu padzuwa koma cha pa rodi n'chaukali zedi ukakhala pafupi. Kutsogolo kwa diso, pamwamba pa gawo lakuda lija, pali kachikopa koonekera ngati galasi, achipatala amati koniya. Cheza chija chimamwedwa ndi timaselo ta pamwamba penipeni pa kachikopa kameneka, timaselo timene tapsa sitifa nthawi yomweyo, timatenga maola kenako timayamba kufa ndi kusupuka, ndiye tikasupuka timasiya timitsempha ta ululu pamtunda, ndipo koniya ndi malo amodzi m'thupi amene ali ndi timitsempha totere tochuluka kwambiri. Chikope chikamadutsa pamenepo ndi mchenga umene umaumva uja, mchenga weniweni mulibemo. N'chifukwa chake ululu umabwera kawirikawiri pakadutsa maola 6 mpaka 12, munthu wapsa masana akulira pakati pa usiku. Komanso kupsaku kumaphatikizana, sikuti mpaka uyang'anitsitse moto nthawi yayitali ayi, tizidutswa ta sekondi imodzi imodzi ta tsiku lonse timawunjikana mpaka kukwana.

Usikuwo tinachita zimene aliyense amachita. Aneba anati mkaka, mayi anasungunula wa ufa m'kapu n'kundidonthezera, unazizira bwino kwa masekondi ochepa basi ululu n'kubwerera pomwepo. Wina anati tidule kachewere tiyike pazikope. Lero ndikaganiza ndimachita mantha chifukwa diso limene lasupuka pamwamba ndi chilonda chotseguka, chilichonse chosayera chimene ungathiremo, mkaka, madzi a shuga, mkodzo, madzi a masamba ofinya, ukupereka njira kwa tizilombo kuti tilowe, ndipo chilonda cha pa koniya chikalowa tizilombo chimasiya chipsera choyera chimene chimaphimba kuwona mpaka kalekale. Kupsa kwa fulashi pakokha kumapola, zimene zimawononga maso a anthu nthawi zambiri ndi zothirathirazi. Kachewere uja chimene amathandiza ndi kuzizira kwake kokha, ndiye bola kansalu koyera konyowetsa m'madzi ozizira n'kuyika pamwamba maso ali chitsekere, n'zimene zinandithandizako pang'ono mpaka kunja kunacha, pamodzi ndi panado muwiri.

M'mawa anandikweza kabaza nditaziphimba chitenje kumutu ngati mkwatibwi, mayi atandigwira dzanja mpaka pa benchi ya chipatala. Adokotala atangondiwona funso loyamba linali lakuti mumagwira ntchito yanji, nditati ku shedi yowotcherera anangoti dzulo munali pafupi ndi moto eti, ndinati koma ine sindimawotcherera ndimangogwirizira, anaseka pang'ono n'kunena kuti ogwirizirawo ndi amene amabwera kuno kwambiri. Anandidonthezera kamankhwala kochititsa dzanzi, abale pasanathe mphindi ululu wonse unachoka ngati wazimitsa switchi, maso ndinatsegula ndikuwona bwinobwino. Kenako anakhudzitsa kapepala ka mtundu wa olenji m'kona mwa diso, kamene kamasiya utoto, n'kuwunika ndi kuwala kwa buluu. Anati pa koniya ponse pali timadontho tating'onoting'ono tobiriwira ngati pawazidwa mchere, maso onse awiri, makamaka chapakati pamene zikope zimasiya mpata, ndiye ndi chizindikiro cha kupsa ndi cheza chimenecho. Anatembenuzanso zikope zam'mwamba kufufuza ngati muli kachitsulo, munalibe.

Ine nzeru zanga zonse zinali pa kabotolo ka dzanzi kaja. Ndinati adokotala chonde ndipatseniko kameneko ndizikadonthezera kunyumba, ngakhale kugula ndigula. Anakana ndithu, ndipo anandifotokozera kuti mankhwala amenewo ndi opimira basi, ukamawathira mobwerezabwereza amalepheretsa koniya kupola, komanso poti diso silikumva kanthu ukhoza kulitikita kapena kulowa chinthu osadziwa mpaka chilonda kukula n'kuwononga diso. Nthawi imeneyo ndinawona ngati nkhanza chifukwa patatha mphindi 20 kapena 30 dzanzi linatha mchenga unabwerera, koma anali ndi zoona. Anandipatsa mafuta a m'maso a tetirasaikilini, kachubu kakang'ono kaja, oti ndizipaka mkati mwa chikope cham'munsi kuteteza tizilombo komanso amafewetsa kukhuzana kuja, anandipatsanso bulufeni woti ndizimwa nditadya, n'kundiuza kuti ndikhale mu mdima, ndisatikite, ndipo ngati pofika mawa sizikusintha kapena diso layamba kutulutsa mafinya kapena kuwona kwachepa ndibwerere msanga. Anandichenjezanso za timabotolo togula mwachisawawa pa famase kapena pamsika tokhala ndi dekisamethazoni, diso lofiira limayera msanga inde koma pa diso la chilonda mankhwala a mtundu umenewo amachedwetsa kupola ndipo ngati mwalowa tizilombo amatipatsa mphamvu.

Loweruka lonse ndinagona kuchipinda makatani otseka, foni osayiyandikira n'komwe. Lamulungu m'mawa ndinatsegula maso ndekha, kunali kachifunga pang'ono ndi kuyabwa, pofika madzulo ndinadya ndi ana pabalaza babu ili chiyakire. Lolemba ndinapita kuntchito. Khungu la pamphumi, pamphuno ndi pazikope linasupuka sabata imeneyo ngati njoka yofundula, umene ndi umboni woti kutsinzina kuja kumangosamutsa kupsa kuchoka m'diso kupita pachikope. Timaselo ta pa koniya timamera msanga, kawirikawiri tsiku limodzi mpaka atatu munthu wachira, ndipo kuchira msangaku ndi kumene kumatipangitsa ma shedi ambiri kuitenga fulashi ngati chimfine, amasitala atamva anangoti "wabatizidwa tsopano, maso azolowera." Maso sazolowera, iwowo m'diso lakumanja muli kamnofu kamene kakumera kuchokera m'kona kulowera ku gawo lakuda, ndipo cheza chomwechi pa zaka zambiri chimathandizira zinthu ngati zimenezo ndi ng'ala.

Pali nkhani ina imene ndikufuna anzanga a m'mashedi muimve chifukwa apa ndi pamene munthu amataya diso. Patapita miyezi mnzanga uja wa makina achiwiri anabwera m'mawa diso lamanzere lili psuu likutuluka misozi, tonse tinati fulashi, iyenso anati fulashi mawa lipola. Mawa silinapole, mkuja silinapole, anapita kuchipatala tsiku lachinayi. Anakamupeza ndi kachitsulo ka galainda kakang'ono ngati kambewu ka fodya katakanirira pa koniya, ndipo kanali katachita kale dzimbiri mozungulira, anachita kukachotsa ndi kupala dzimbirilo, mpaka lero akayang'ana pa kuwala amati pali kamtambo. Tikanaganiza bwino zizindikiro zinalipo. Fulashi kawirikawiri imagwira maso onse awiri, imayamba patapita maola, ululu umakhala ponseponse ndipo tsiku lachiwiri umayamba kutsika. Kachitsulo kamagwira diso limodzi, nthawi zambiri umakumbuka nthawi imene china chake chinakudumphira m'diso pogalainda kapena pogogoda silagi, chikhungwa chija chimatsala pamwamba pa malo owotcherera, kubaya kumakhala pamalo amodzi ndipo sikutsika. Ndiye diso limodzi lokha, kapena ululu wopitirira masiku awiri, kapena kadontho koyera pa gawo lakuda, kapena mafinya, zimenezo osadikira. Chimodzimodzi ngati pakati pa zimene ukuwona patsala kachigamba kakuda kapena kobiriwira kosachoka mpaka mawa lake, kumeneko kungakhale kupsa kwa mkati kuseri kwa diso chifukwa choyang'anitsitsa moto, ndi nkhani ina yofunika a maso enieni.

Tsopano za magalasi, poti apa ndi pamene ndinawonongapo ndalama mopusa. Nditachira ndinakagula magalasi akuda a dzuwa kwa mavenda m'tauni, ndikumva ngati ndathana nazo. Patatha milungu itatu ndinapsanso, pang'ono kusiyana ndi poyamba koma usiku sindinagone. Magalasi a fashoni aja m'mbali ndi otseguka, pamwamba ndi pansi pali mpata, ndiye cheza cha mnzako wa pambali kapena chobwerera kuchokera pa malata, pa khoma loyera, pa aluminiyamu chimalowa bwinobwino. Kuda kwa galasi sikutanthauza kuti likutchinga UV, ndipo poti moto sukukuthobwa kwambiri umalimba mtima n'kumauyang'ana nthawi yayitali kuposa ukanakhala wopanda kanthu. Enanso amatenga magogolosi a gasi obiriwira aja n'kumawotcherera nawo magetsi, amenewo mdima wake ndi wa nambala 5 kapena pafupi, anapangidwira lawi la gasi, pa moto wa rodi ndi ochepa kwambiri komanso nkhope yonse imakhala pamtunda.

Galasi lakuda la mu helimeti lili ndi nambala yolembedwa m'mphepete, ndipo nambala ikamakwera mdima umakulanso. Nambalayo imayendera mphamvu ya moto. Ntchito zathu za ma geti ndi mawindo timagwiritsa rodi za mamilimita 2.5 kapena 3.2, moto wake umasewera cha pakati pa ma ampu 70 ndi 140, pamenepo nambala 10 kapena 11 ndi yabwino. Ukakwera ku rodi za 4 pa zitsulo zochindikala, moto wopitirira 160, pita pa 12. Njira yosavuta yosankhira ndi kuyamba ndi lakuda kwambiri, ngati sukuwona chithaphwi cha chitsulo chosungunuka tsika nambala imodzi, koma pa ntchito ya rodi ine pansi pa 10 sinditsika. Ambiri amene amadandaula kuti helimeti sawonera bwino vuto si nambala, ndi kagalasi koyera kakutsogolo kamene kadzadza timadontho ta moto ndi utsi, kameneko n'kotchipa ndipo ntchito yake ndi kutetezera lakuda lija, kasintheni. Mukachotsa koyerako lakuda limathothoka ndi moto, ndipo lakuda likang'aluka ngakhale kamng'alu kochepa litayeni, osamata ndi selotepi. Helimeti yathu ya m'manja ija nditayiyang'anitsa padzuwa tsiku lina ndinapeza kuwala kukulowa m'mbali mwa galasi chifukwa kafulemu kanapindika, amasitala nawonso amapsa pang'onopang'ono osadziwa.

Panopa ndimawotcherera ndekha ndipo ndinagula helimeti yoda yokha ija, yoti ukavala umawona bwinobwino moto ukangoyaka imada. Ubwino wake waukulu ndi pa ntchito yodontheza ngati bagalabaa, manja onse awiri ali pa ntchito ndipo palibe zoti kweza tsitsa kweza tsitsa, paja fulashi yambiri imalowa pa kamphindi koyatsa rodi helimeti isanafike kumaso. Yabwino yake imakhala ndi sefa yotchinga UV nthawi zonse ngakhale isanade, ndiye ikachedwa kuda umathobwa koma koniya siipsa, bola ikhale yeniyeni, yang'anani zolemba ngati EN 379 kapena ANSI Z87.1 pa galasi kapena mkati mwake ngakhale zachinyengo nazonso zimalembedwa, ndiye gulani ku hadiweya yodziwika osati yongogona pansi pamsika. Ili ndi zovuta zake, timaso take tating'ono takutsogolo tikaphimbika ndi fumbi kapena chitsulo chikatchinga siida, batire ikatha imaphethiraphethira, ndipo ambiri amaiwala kabatani atakasiya pa GRIND, pogalaindira paja pamene helimeti siida, n'kuyatsa rodi, ine zinandichitikira kawiri. M'mawa uliwonse ndisanayambe ndimayiyesa kaye, kuyiloza kudzuwa kapena kukhetcha laitala kutsogolo kwake ndione ngati ikuda, n'kuwona kuti nambala ili pa 10 kapena 11.

Koma chinthu chimene chikanandipulumutsa Lachisanu lija si helimeti yodula ayi. Ndi timagalasi toyera ta sefite, ta pulasitiki yolimba ija amati polikaboneti, tokhota mpaka m'mbali, tolembedwa EN 166 kapena Z87 pa kamwendo. Anthu sakhulupirira chifukwa n'toyera ngati madzi, koma pulasitiki imeneyi mwachibadwa chake imatchinga pafupifupi UV yense, ndiye kwa wogwirizira, wopenta, wogalainda, aliyense woyendayenda mu shedi, fulashi yangozi ya m'mbali imathera pa galasipo, kachitsulo ka galainda nakonso kamathera pomwepo. Sikuti uziyang'ana nato moto, kuwala kwake kumapyola ndithu ndipo kungakupweteke mkati mwa diso, wogwirizira pafupi ayenera kukhalabe ndi helimeti yakeyake kapena kutembenuza nkhope yonse osati kungotsinzina. Ngakhale wowotcherera azivale mkati mwa helimeti, chifukwa ukakweza kuti ugogode silagi ndi nthawi imene mnzako wa pambali amayatsa, silagi yotentha nayonso imadumphira m'maso.

Mtunda umathandiza, ukatalikira kawiri mphamvu ya cheza imatsika kufika gawo limodzi la magawo anayi, n'chifukwa chake wodutsa pamsewu sapsa koma wogwira sikweya amapsa. Komabe mashedi athu ambiri ali m'mphepete mwa msewu ndipo ana akaweruka kusukulu amakonda kuima pafupi n'kumayang'anitsitsa moto ngati kanema, ine ndinayika mapulaiwudi awiri akale opaka penti yakuda yosanyezimira, limodzi kumsewu lina pakati pa ine ndi wa makina achiwiri, ndipo malata atsopano sitiyimikanso kuseri kwa wowotcherera.

Mnyamata amene amandigwirizira panopa anabwera mwezi wathawu, tsiku loyamba ndinamupatsa timagalasi toyera ndi helimeti ya m'manja, pofika masana ndinapeza timagalasi tili pachipumi akuti tikuchita nthunzi ndi thukuta komanso anzake a pa shedi yoyandikana akumuseka kuti akuwoneka ngati dokotala. Ndinazimitsa makina n'kukhala pa chigubu, ndinati mphwanga ine sindiyatsa mpaka titsike pamphuno, anatsitsa monyinyirika, tinapitiriza geti.